Wani kapena seveni: kuwerenga mafomu olemba pamanja popanda kulota manambala

Nyengo yogula soya ikafika, ku ofesi kwathu kuno ku Lilongwe kumabwera makatoni a mafomu ochokera m'misika ya ku Mitundu, Malingunde ndi Nathenje, ndipo ntchito yathu imakhala yosamutsira zolembedwamo mu kompyuta kuti alimi alandire ndalama zawo pa foni. Mzere uliwonse wa fomu uli ndi dzina la mlimi, nambala ya foni, makilogalamu amene apimidwa pa sikelo, mtengo wa pa kilo ndi ndalama zonse. Makalaliki amalemba ataimirira, fomu ataitsamiritsa pa thumba la soya, ndipo chimene chimatifika ife nthawi zambiri ndi pepala lachiwiri la pansi pa kaboni, lotuwa ndi fumbi, pena lodindidwa chidindo pamwamba penipeni pa manambala.

Vuto limene limabwerezabwereza chaka ndi chaka si la chilembo chimene chakanika kuwerengeka, chifukwa chimenecho aliyense amachiona ndipo amafunsa. Chimene chimatipweteka ndi chilembo chimene wolowetsa, kaya ndi munthu kaya ndi pulogalamu ya OCR yowerenga zilembo pa chithunzi, wachikayikira pang'ono kenako n'kusankha yekha mwakachetechete. Nambala yolota ikalowa mu kompyuta imaoneka yaukhondo chimodzimodzi ndi inzake yoona, ndipo palibenso angaizindikire kufikira tsiku limene mlimi adzabwere ndi lisiti lake m'manja kudzadandaula. Choncho zonse zimene ndifotokoze pano zikutsata mfundo imodzi, yakuti chikayiko chiyende limodzi ndi nambala yake kuchokera pa pepala mpaka pa desiki ya munthu amene ali ndi udindo wochithetsa.

Zolakwika zikachuluka mwadzidzidzi, yambani mwaona chithunzi

Mtolo wina wa mafomu ukatulutsa zolakwika zambiri kuposa unzake, musathamangire kusintha pulogalamu kapena kukalipira olowetsa. Tsegulani chithunzi chimodzi, muchikulitse, muone kukula kwake. Pepala la A4 lojambulidwa pa 300 dpi limakhala la mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo ngati chanucho chili kutali pansi pa manambala amenewa, ndiye kuti winawake anatsitsa sikana kuti ifulumire, kapena fomuyo inajambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba. WhatsApp imafinya zithunzi zotumizidwa motero, ndipo choyamba kutayika ndi timizere topyapyala, monga kamchira kamene kamasiyanitsa 7 ndi 1 kapena mbali yakumanzere imene imatseka 8 kuti asakhale 3. Anzathu a kumunda tinawapempha kuti azitumiza posankha Document, chifukwa fayilo imafika momwe inajambulidwira.

Chachiwiri n'chakuti pepala la kaboni kapena lolembedwa ndi pensulo lisajambulidwe pa Black & White. Sikana ikaikidwa pamenepo imaweruza kadontho kalikonse kuti ndi kakuda kapena koyera, ndipo zolemba zofooka zimagwera ku zoyera n'kuzimiririka kotheratu, moti ngakhale munthu wa maso akuthwa sangazibweze. Sankhani Grayscale, ndipo ngati pali zidindo sankhani Color, popeza inki ya chidindo yobiriwira kapena yapepo imasiyana mtundu ndi ya bolopeni yakuda, ndipo diso limatha kulondola nambala imene yabisala pansi pake. Chithunzi choyambacho chisungidwe osachikhudza. Kuwongola pepala lopendekeka ndi kuwonjezera kuda kwa zilembo zichitike pa kope lake, chifukwa wotsimikiza ayenera kuona chimene sikana inaona, osati chimene pulogalamu yakonza.

Kalembedwe ka chikayiko

Ofesi yonse iyenera kugwirizana chizindikiro chimodzi, ndipo chizindikirocho chiloze chilembo chenichenicho osati danga lonse. Poyamba ife tinkangopaka danga lokayikitsa utoto wachikasu mu Excel, koma utoto umatayika fayilo ikasungidwa ngati CSV, mtundu wa fayilo umene umasunga mawu ndi manambala okha, komanso suuza wotsimikiza kuti mwa manambala khumi a foni wovuta ndi uti. Lero timasiyanitsa zinthu zitatu motere:

```
1[1/7]0      chilembo chachiwiri ndi 1 kapena 7
[?]80000     chilembo chilipo koma sichikuwerengeka
[PALIBE]     danga linasiyidwa losalembedwa
```

Kusiyanitsa ziwiri zomalizazo n'kofunika kuposa momwe kumaonekera. Danga losawerengeka lingathetsedwe poyang'ana pepala lenileni pa kuwala kwa dzuwa, pomwe danga losalembedwa lilibe yankho mu ofesi muno ngakhale mutaliyang'ana tsiku lonse, ndipo liyenera kubwerera kwa kalaliki amene analisiya. Mikutiramawu ya makona sitinaisankhe chifukwa cha kukongola. Mukalemba 1/7 payekha, Excel imaganiza kuti ndi deti n'kuisandutsa tsiku ndi mwezi, pomwe zokhala m'mikutiramawu yotereyi imazisiya ngati mawu. Mzere woimirira wa pa kiyibodi tinaukana chifukwa pa sikirini umafanana ndi 1 yemwe tikulimbana nayeyo.

Pa danga lililonse lofunika pakhale madanga atatu oyandikana: loyamba la zimene zawerengedwa pamodzi ndi zizindikiro zake, lachiwiri la nambala yotsimikizika, lachitatu lonena amene watsimikiza ndi njira imene watsimikizira. Danga loyambalo silifufutidwa ngakhale yankho litapezeka, chifukwa pakadzabuka mkangano ndilo lidzaonetse kuti tinakayikira pati.

Pulogalamu ikanena kuti ili ndi chikhulupiriro

Ambiri amayamba ndi pulogalamu ya OCR yotchedwa Tesseract chifukwa ndi yaulere ndipo imagwira ntchito pa kompyuta ya mu ofesi popanda intaneti, zimene zimathandizanso kuti mayina ndi manambala a foni a anthu asakwezedwe pa masamba osadziwika, makamaka tsopano pamene dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024. Koma dziwani malire ake musanaidalire. Tesseract inapangidwira zilembo zosindikizidwa ndi makina, ndipo pa zolemba pamanja imathandizako pokhapokha manambala atalembedwa mopatukana bwino, lililonse m'kabokosi kake. Mayina olembedwa molumikiza zilembo musataye nawo nthawi, alowetsedwe ndi anthu.

Lamulo ili limatulutsa fayilo yokhala ndi mawu onse amene yawerenga, malo awo pa chithunzi ndi mlingo wa chikhulupiriro chake, kenako lachiwirilo limasankha okhawo amene ali pansi pa 80:

```
tesseract fomu.png fomu --psm 6 tsv
awk -F'\t' 'NR>1 && $11>=0 && $11<80' fomu.tsv
```

Mlingowu uli mu danga lotchedwa conf, umayambira pa 0 kulekeza 100, ndipo mizere yolembedwa -1 si mawu koma zigawo za tsamba, n'chifukwa chake lamulolo likuidumpha. Chofunika kudziwa n'chakuti mlingo wa mu fayilo imeneyi ndi wa liwu lathunthu kapena nambala yathunthu, osati wa chilembo chimodzichimodzi. Kuti mudziwe chilembo chimene chavuta, dulani danga limodzi pa chithunzi, muliwerengetse palokha ngati mzere umodzi, mupemphe mabokosi a zilembo:

```
tesseract danga.png danga --psm 7 -c hocr_char_boxes=1 hocr
```

Mu fayilo yotulukayo chilembo chilichonse chimakhala ndi x_conf yakeyake, ndipo n'kuchokera pamenepo pamene mungaike [?] pa malo enieni.

Pali nzeru ina imene imakopa aliyense woyamba ntchitoyi, yoletsa pulogalamu kuwerenga china chilichonse kupatula manambala pogwiritsa ntchito tessedit_char_whitelist. Imathandizadi kuti O asalowe m'malo mwa 0 kapena S m'malo mwa 5, koma ili ndi mbuna yake. Mukaletsa zilembo, m'mphepete mwa chidindo kapena mzere wa kabokosi zimene zikanatuluka ngati chizindikiro chachilendo, n'kukuchenjezani, zingathe kutuluka ngati 1 wooneka bwinobwino. Ine ndimakonda kuwerengetsa danga kawiri, koyamba momasuka kenako moletsa, ndipo mayankho awiriwo akasiyana ndimaliika m'gulu la okayikitsa mosayang'ana mlingo.

Nambala 80 ya m'lamulo lija si yoikika, ndangoitenga ngati poyambira. Mlingo wa 90 sutanthauza kuti pa maulendo 100 pulogalamu ilondola maulendo 90, umangonena kuti mwa zilembo zimene ikuzidziwa, chimene yasankhacho chafanana kwambiri ndi chimene yaona. Seveni wolembedwa mothamanga, wopanda kamzere kapakati, amafananadi ndi wani, choncho pulogalamu ingathe kulakwa ili ndi chikhulupiriro chonse. Malire oyenera mafomu anu mumawapeza poyesa. Tengani mafomu 30 kapena 50 ochokera kwa makalaliki osiyanasiyana, anthu awiri awalowetse payekhapayekha osaonerana, athetse pamene asiyana, ndipo zimenezo zikhale muyezo woyerekezera zimene pulogalamu yatulutsa. Mukapeza kuti zolakwika zambiri zili pansi pa mlingo wakutiwakuti, ikani malire pamenepo. Mukapeza kuti zamwazikana paliponse, mpaka pa 95, ndiye kuti mlingowo sukukuuzani kanthu pa zolemba za anthu amenewa, ndipo danga limenelo lizilowetsedwa ndi anthu awiri basi.

Fomu imadziyankha yokha: tsamba limodzi la ku Mitundu

Chida champhamvu kuposa mlingo wa pulogalamu ndi masamu amene ali kale pa fomu. Ndifotokoze tsamba limodzi limene tinalimbana nalo, pamene mtengo wolembedwa pamwamba unali K800 pa kilo.

Pa mzere wachinayi makilogalamu anawerengedwa 170, mlingo uli pamwamba pa malire, moti panalibe chizindikiro chilichonse. Ndalama za mzere womwewo zinawerengedwa K88,000. Tikachulukitsa 170 ndi 800 timapeza K136,000, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene kunadzutsa chikayiko chimene pulogalamu inalibe. Tikagawa 88,000 ndi 800 timapeza 110. Titakulitsa chithunzi tinaona kuti kalalikiyo amalemba 1 wokhala ndi kambendera kakatali kumutu, ndipo wani wachiwiriyo anapendekeka n'kuoneka ngati 7. Titayang'ana ma 7 ake ena pa tsamba lomwelo, onse anali odulidwa ndi kamzere pakati, pomwe uyu analibe. Umboni unakhala pawiri, wa masamu ndi wa dzanja la wolemba, ndipo tinalemba 1[1/7]0 mu danga loyamba, 110 mu lachiwiri, ndi mawu akuti masamu ndi dzanja mu lachitatu. Tikanatsatira 170 n'kuwerengetsanso ndalama mu kompyuta, monga momwe ena amachitira poganiza kuti kalaliki ndiye analakwitsa kuchulukitsa, tikanalipira K48,000 ya soya amene sanapimidwepo.

Mu Excel kuyesa kumeneku n'kwa mzere umodzi, ngati makilogalamu ali mu C, mtengo mu D ndi ndalama mu E:

```
=IF(C5*D5=E5,"bwino","ONANI")
```

Danga limodzi mwa C ndi D likakhala ndi chizindikiro cha chikayiko, yankho limatuluka #VALUE! ndipo musalibise, chifukwa likuchita ntchito yake.

Mzere wachisanu ndi chinayi unali wovuta kwambiri. Makilogalamu anali [3/8]50, ndipo chilembo choyamba cha ndalama chinakwiririka ndi chidindo, n'kutsala [?]80000. Apa masamu a mzerewo sanatithandize, pakuti 350 kuchulukitsa 800 ndi K280,000 pomwe 850 kuchulukitsa 800 ndi K680,000, ndipo zonse ziwiri zimathera ndi 80,000. Tinapita pansi pa tsamba pamene kalaliki amalemba chiwonkhetso cha makilogalamu onse, ndipo panali 1,430 yowerengeka bwino. Mizere ina yonse, kuphatikizapo 110 uja, inakwana 1,080, ndiye yotsala ndi 350. Onani kuti njira imeneyi inatheka chifukwa mzere wachinayi unali utathetsedwa kale, ndipo imagwira pokhapokha pa tsambalo patatsala chikayiko chimodzi. Zikakhala ziwiri, zolakwika zingathe kubisana, monga mzere wina utakwera ndi 50 pomwe unzake watsika ndi 50, chiwonkhetso n'kumaonekabe cholondola.

Ngakhale tinapeza 350, mu danga lachitatu sitinalembe kuti yawerengedwa, tinalemba kuti yachokera ku chiwonkhetso, popeza chiwonkhetsocho chinalembedwa ndi dzanja lomwelo la munthu wotopa madzulo a tsiku la msika. Kusiyana kwa mayankho awiriwo kunali K400,000, ndalama zoti sizingadalire umboni umodzi, choncho ndinaimbira kalaliki amene ali ndi buku la pepala loyamba. Sindinawafunse kuti, "Kodi ndi 350?" chifukwa munthu wotanganidwa amangovomera chimene wamva. Ndinati, "Achimwene, pepani ndakusokonezani, tatsegulani buku lanu pa tsamba lakutilakuti, mundiwerengereko makilogalamu a mzere wachisanu ndi chinayi." Iwo anawerenga 350, kenako anawonjeza kuti, "Mayi, amenewo anali matumba asanu ndi awiri, ndikuwakumbukira anabwera pa ngolo." Matumba 7 a makilogalamu 50 ndi 350 ndithu.

Nambala ya foni ilibe masamu oterewa, ndipo n'chifukwa chake ndi danga loopsa kuposa onse. Chimene mungayese n'chakuti ikhale ya manambala khumi, yoyamba ndi ziro, ndipo chiyambi chake chikhale cha kampani imene ilipodi, monga 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel. Kupyola pamenepo, nambala yolakwika chilembo chimodzi imakhala nthawi zambiri nambala yeniyeni ya munthu wina, ndipo ndalama zikapita kumeneko kuzibweza ndi ntchito yaikulu. Pa danga limeneli sitilola kusankha pakati pa [4/9] poyang'ana chithunzi chokha. Timayerekeza ndi kaundula wa alimi wa chaka chatha ngati mlimiyo alimo, apo ayi malipiro amadikira kufikira dzina lolembetsedwa pa nambalayo litagwirizana ndi la pa fomu. Ziphaso za unzika zimene bungwe la boma lolembetsa nzika la NRB linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017 zili ndi vuto lina, loti nambala yake imasakaniza zilembo ndi manambala, kotero 0 ndi O, 5 ndi S, 8 ndi B, 2 ndi Z sizingasiyanitsidwe ndi lamulo lakuti danga ili ndi la manambala okha.

Pa mayina, lamulo lathu n'lakuti lembani chimene chalembedwa. Mwale ndi Mwase amasiyana chilembo chimodzi ndipo onse ndi mayina enieni, choncho wolowetsa amene waona mayina a Mwale asanu motsatizana asaganize kuti wachisanu ndi chimodzi ndi Mwale yemweyo. Alembe Mwa[l/s]e. Chimodzimodzinso amene walemba dzina lake ndi l pamene inu munazolowera r, musamukonzere.

Zizindikiro zikasowa kapena chiwonkhetso chikachepa mu Excel

Madandaulo awiri amabwera kawirikawiri pa siteji imeneyi. Loyamba ndi lakuti munthu wafufuza ? pa Find ndipo madanga onse olembedwa asankhidwa. Chifukwa chake n'chakuti Excel imatenga ? ngati choimira chilembo chilichonse, ndipo kuti ipeze chizindikiro chenichenicho muyenera kulemba ~? m'malo mwake. Njira yosavuta ndi kufufuza mkutiramawu wotsegula, umene uli pa mitundu yonse itatu ya chikayiko:

```
=ISNUMBER(FIND("[",C5))
```

Lachiwiri ndi loopsa chifukwa silipanga phokoso. SUM imadumpha danga lililonse lokhala ndi mawu popanda kuchenjeza, ndiye tsamba lokhala ndi [3/8]50 limapereka chiwonkhetso chochepa koma chooneka chabwinobwino, ndipo chikafika kwa akuluakulu a zachuma chimatengedwa ngati chomaliza. Pambali pa chiwonkhetso chilichonse ikani chiwerengero cha madanga amene akudikirabe, ndipo lipoti lisatuluke chiwerengerocho chisanafike pa ziro kapena chisanalembedwe poyera pamutu pake. Kumbukiraninso kuika danga la manambala a foni pa Text musanayambe kulowetsa, apo ayi ziro woyamba amadyedwa, ndipo fayilo ya CSV ikatsegulidwa poidina kawiri amadyedwanso ngakhale munamusunga bwino.

Wotsimikiza akayamba kungovomereza

Mukaona kuti wotsimikiza akumaliza madanga ambirimbiri pa ola limodzi osasintha ngakhale limodzi, kapena kuti pa zisankho ziwiri nthawi zonse akutenga choyamba, vuto silili mwa iye yekha. Kawirikawiri ndiye kuti malire aikidwa pamwamba kwambiri, zizindikiro zachuluka, zambiri mwa izo n'zopanda vuto, ndipo diso lazolowera kuvomereza. Sanjani zokayikitsa potsata kuopsa kwake, kuti foni ndi ndalama zionedwe m'mawa mutu usanatope, dzina la mudzi lidikire masana. Muonetseni kachidutswa ka chithunzi ka danga lovutalo pamodzi ndi mizere ingapo ya pamwamba ndi pansi pake, chifukwa monga tinaonera pa ma 7 aja, yankho limapezeka poona momwe dzanja lomwelo lalembera pena. Ngati n'kotheka awerenge chithunzi asanaone chimene pulogalamu kapena mnzake analemba, pakuti diso limene lauzidwa kale kuti ndi 170 limaonadi 170.

Ife timabisanso dala zolakwika zochepa zimene tikuzidziwa pakati pa ntchito ya tsikulo, titawauza otsimikiza kuti timatero, ndipo zikadutsa osagwidwa mtolo wa tsikulo umaonedwanso ndi munthu wina. Timatenganso mizere ingapo imene inalibe chizindikiro chilichonse n'kuiyerekeza ndi pepala, popeza 170 uja akanakhala pa danga lopanda masamu akanadutsa osaonedwa ndi aliyense.

Wotsimikiza apatsidwe mayankho atatu, osati awiri: kuvomereza, kusintha, ndi kunena kuti sizikutheka. Pa tsamba la ku Mitundu lija, mzere womaliza unali ndi nambala ya foni imene zilembo zake ziwiri zapakati zinanyowa ndi madzi n'kufalikira, pa pepala la kaboni ndi pa loyamba lomwe. Unakhala ndi [?][?] kwa masabata awiri, mlimiyo akuoneka pa mndandanda wa odikira malipiro, kufikira kalaliki anakumana naye pa msika wotsatira, n'kumupempha kuti amuimbire foni pomwepo, ndipo nambala imene inaoneka pa sikirini ndi imene tinalemba mu danga lachiwiri.